Kakonzedwe ka katalogi ya katundu wopikulitsa: mzere umodzi, chinthu chimodzi

Munthu wopikula katundu sawerenga katalogi ngati mmene amawerengera wogula wa chinthu chimodzi. Iye sakufuna kukopedwa. Akudziwa kale zomwe zatha pashelefu yake, ndipo akufuna apeze mzere wake msanga, alembe nambala ya katunduyo ndi kuchuluka kwake, atumize oda. Choncho katalogi yabwino imadziwika ndi chinthu chimodzi: wogula atha kuoda osaimba foni kuti afunse, ndipo chimene chafika m'katoni ndi chimene iye amaganiza kuti waoda. Tiona ntchitoyi kudzera mwa wopikulitsa mabawuti, manati ndi mawasha, chifukwa katundu ameneyu sakhululuka. Mukalakwitsa nambala imodzi, katoni yonse imabwerera.

Yambani ndi tebulo, osati masamba

Musatsegule pulogalamu yokongoletsera masamba tsiku loyamba. Tsegulani Excel kapena pulogalamu ina ya matebulo, ndipo lembani katundu yense mmenemo. Lamulo lake ndi lakuti chinthu chilichonse chimene munthu angaode pachokha chikhale ndi mzere wakewake. Bawuti ya M8, ndiko kuti yonenepa mamilimita 8, yotalika mamilimita 50 ndi ya M8 yotalika mamilimita 60 ndi mizere iwiri. Ya M8 x 50 yokutidwa zinki ndi ya M8 x 50 yachitsulo chosachita dzimbiri, nayonso ndi mizere iwiri. Ngati mumagulitsa bawuti yomweyo m'bokosi la 100 komanso m'kapaketi ka 10, imeneyonso ndi mizere iwiri, chifukwa mtengo ndi wosiyana, kulemera ndi kosiyana, ndipo wolongedza katundu amazitenga pamalo osiyana.

Anthu ambiri amalemba mzere umodzi wonena kuti "Mabawuti a M8, alipo kuyambira 20 mpaka 100 mm". Mzere wotere umaoneka wosunga malo, koma palibe angaode nawo. Wogula sadziwa ngati ya 45 mm ilipo, ndipo wolandira oda amayamba kulosera.

Mutu uliwonse ukhale ndi danga lake lotsika patebulopo: nambala ya katundu, gulu, kunenepa, kutalika, mtundu wa chitsulo, chokutira, kuchuluka m'bokosi, mabokosi m'katoni, kulemera kwa katoni, bakhodi ndi mtengo. Musaphatikize kunenepa ndi kutalika m'danga limodzi panopa. Mudzaziphatikiza posindikiza, koma posanja mudzafuna chilichonse chili pachokha.

Excel ili ndi misampha itatu imene imaononga matebulo a katundu mwakachetechete. Nambala yoyamba ndi ziro, monga 00845, imasanduka 845. Bakhodi ya manambala 13 imaoneka ngati 6.01E+12, ndipo mukasunga tebulolo ngati CSV, fayilo yosunga zolembedwa zokhazokha, lili choncho, manambala akumapeto amatayika osabwereranso. Sayizi yolembedwa 1/2 imasanduka deti. Mankhwala ake ndi amodzi: madanga amenewa muwaike pa `Text` musanalembemo kanthu. Kuwasintha mutalemba kale sikubweza zimene zatayika.

Nambala ya katundu

Mzere uliwonse upatseni nambala yake yosafanana ndi ina iliyonse. Ikhale yaifupi, yoti munthu atha kuitchula pafoni osapuma kawiri, zilembo ndi manambala zisapitirire khumi kapena khumi ndi ziwiri. Nambala yonenako pang'ono za katunduyo imathandiza, monga `BH-08050-Z`: BH kuimira bawuti yamutu wa makona sikisi, 08 kunenepa, 050 kutalika, Z zinki. Wolongedza akaiona amadziwa shelefu yopitako. Koma musakakamize kuti nambala inene zonse. Mukaikamo dzina la kampani imene mumagulako, tsiku lomwe mudzasinthe kogula, nambala idzayamba kunama.

Pewani chilembo O ndi chilembo I, chifukwa pamanja ndi pafoni zimasokonekera ndi 0 ndi 1. Ndipo nambala ya katundu amene munasiya kugulitsa musaipatse katundu wina. Makatalogi akale amakhala m'madilowa a makasitomala zaka zambiri, ndipo tsiku lina wina adzaoda nambala yakaleyo n'kulandira chinthu chimene sanachionepo.

Nambala yanuyi si bakhodi. Bakhodi ya EAN-13 imene imakhala papaketi, ndi ya manambala 14 imene imakhala pakatoni, zimachokera ku manambala operekedwa ndi bungwe la GS1, ndipo simungangozipeka. Ngati katundu wanu ali nazo, ziikeni m'katalogi, poti ogula amene ali ndi makina owerengera bakhodi amazifuna. Ngati alibe, siyani danga lopanda kanthu.

Kusanja: chiyambe ndi chiti

Apa ndi pamene ambiri amalakwira, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Munthu amasanja katalogi potsata mmene iye amaganizira za katundu wake: motsata kumene anagula, kapena motsata mashelefu a m'nyumba yosungiramo katundu, kapena motsata nthawi imene katunduyo anayamba kubwera. Wogula sadziwa zonsezo. Iye amaganiza za ntchito ya chinthucho ndi sayizi yake.

Magulu akuluakulu akhale ochepa, asanu mpaka asanu ndi atatu, ndipo mayina ake akhale amene ogula amatchula. Kwa wopikulitsa wathuyu: mabawuti, manati, mawasha, masikulu a matabwa, masikulu a malata, ndi zomangira pakhoma. Gulu limene limaodedwa kawirikawiri likhale koyambirira. Musalosere, tengani mainvoyisi a miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, muwerenge kuti gulu lililonse laoneka pa maoda angati. Onani kuchuluka kwa maoda, osati ndalama zokha, chifukwa chinthu chodula chogulidwa kawiri pachaka sichiyenera tsamba loyamba.

Zinthu zoyendera limodzi zikhale moyandikana. Wogula mabawuti amafunanso manati ndi mawasha, choncho magulu atatuwa atsatane, ndipo pansi pa tebulo la mabawuti a M8 lembani kamzere kakuti manati ake ali patsamba lakuti. Kamzere kameneka kamachepetsa maoda achiwiri otumizidwa mothamanga munthu atazindikira kuti waiwala manati.

Mkati mwa gulu, sanjani motsata mmene wogula amachepetsera zosankha zake. Pa mabawuti amayamba ndi mtundu wa mutu, kenako chitsulo ndi chokutira, kenako kunenepa, pomaliza kutalika. Sayizi ziyambe zazing'ono kupita kuzazikulu, nthawi zonse, m'katalogi yonse. Musasanje motsata mtengo, ndipo musakweze sayizi yotchuka pamwamba pa tebulo. Diso la wogula likufuna M8 pakati pa M6 ndi M10. Likapanda kuipeza pamenepo, amaganiza kuti mulibe. Yotchukayo ingoipatsani kachizindikiro pamalo ake omwewo.

Kompyuta imasokoneza dongosolo limeneli mukapanda kuichenjerera. Ikamasanja mawu, imayerekeza chilembo ndi chilembo, ndiye M10 ndi M12 zimakwera pamwamba pa M6, chifukwa 1 amabwera asanafike 6. Momwemonso kutalika kwa 100 kumatsogola kwa 20. N'chifukwa chake kunenepa ndi kutalika zinafunika madanga awoawo a manambala okhaokha: sanjani ndi madanga amenewo. Pa nambala ya katundu, maziro akutsogolo aja, 08 ndi 050, amagwira ntchito yomweyo. Ngati kutalika kwa 50 kuli m'kabokosi ka C2 patebulopo, `=TEXT(C2,"000")` imakupatsani 050.

Osaika gulu lotchedwa "Zina ndi zina". Limayamba ndi zinthu zinayi, pakatha chaka limakhala ndi makumi asanu, ndipo palibe amatsegulako.

Kulemba kufotokoza kwachidule

Kufotokoza kwa katundu wopikulitsa si chiganizo. Ndi mndandanda wa mfundo zoyezeka, zoikidwa m'dongosolo limodzi losasintha pagulu lonse. Funso lodzifunsa pa liwu lililonse ndi ili: ndikalichotsa, wogula angalandire chinthu cholakwika? Ngati ayi, lichotseni. Ngati pali mfundo imene ikusowa ndipo kusowa kwake kungabweretse chinthu cholakwika, iikeni, ngakhale mzere utalike.

Taonani mzere uwu, umene umapezeka m'makatalogi ambiri:

"Bawuti yolimba kwambiri yapamwamba, 8 mm, yoyenera ntchito zonse. Paketi."

Mawu ndi ambiri koma wogula sanamve kanthu. "Yolimba kwambiri" sangaiyeze. 8 mm sakudziwa ngati ndi kunenepa, kutalika kapena sayizi ya sipanala. Paketiyo sakudziwa kuti muli zingati. Mzere womwewo ukalembedwa bwino umakhala chonchi:

```
BH-08050-Z | M8 x 50 mm | 8.8 | zinki | ISO 4017 | bokosi: 100 | katoni: mabokosi 8 | 18 kg
```

Chidutswa chilichonse apa chikuyankha funso limene likanabwera pafoni. M8 ikunena kuti mazinga ake ndi a muyezo wa mamilimita, kunenepa 8. Pa M8 wamba, mtunda wa pakati pa zinga ndi linzake ndi 1.25 mm, ndipo ukakhala wamba sulembedwa. Koma ngati mukugulitsa ya mazinga othithikana, lembani M8 x 1.0 x 50, apo ayi wogula adzapeza kuti nati yake ikulowa kamodzi n'kukakamira. Nambala 8.8 ndi imene yadindidwa pamutu pa bawutiyo ndipo imanena mphamvu ya chitsulo, ya 4.6 ndi yofooka kuposa iyo, ya 10.9 ndi yamphamvu kuposa iyo. Iyi ndiyo "yolimba" imene munthu angaione ndi maso ake. ISO 4017 ikunena kuti mutu ndi wa makona sikisi ndipo mazinga afika mpaka kumutu. Yomwe mazinga ake amalekeza pakati ndi ISO 4014.

Muyezo wotchulidwawo musaulembe mwachizolowezi. Onani pachikalata cha katoni imene inabwera. Bawuti ya M10 yopangidwa motsata DIN 933 imamasulidwa ndi sipanala ya 17, pamene ya M10 yotsata ISO 4017 imamasulidwa ndi ya 16. Pa M8 zonse ndi 13, ndiye munthu amazolowera kuti miyezo iwiriyi ndi imodzi, mpaka tsiku limene kasitomala wa M10 adzabweze katundu.

Nenani kamodzi, pamwamba pa gulu, mmene mwayezera. Bawuti yamutu wa makona sikisi imayezedwa kuyambira pansi pa mutu. Sikulu yamutu wolowa m'thabwa imayezedwa yonse ndi mutu womwe. Kajambula kakang'ono kosonyeza pomwe muyezo wayambira ndi pomwe wathera kamaposa ndime yathunthu.

Zonse zimene zili zofanana pagulu lonse zikwere pamutu wa tebulo, zisabwerezedwe pamzere uliwonse. Ngati tebulo lonse ndi la 8.8, zinki, ISO 4017, lembani zimenezo kamodzi pamwamba, ndipo m'mizere mutsale nambala, sayizi, kalongedzedwe ndi mtengo. Apa ndi pomwe kufupikitsa kwenikweni kumachokera, osati podula mawu mpaka kusamveka. Zidule ngati mwagwiritsa ntchito, zikhale zochepa, ndipo muzimasulire patsamba lachiwiri. Muyezo ukhale wamtundu umodzi: ngati ndi mamilimita, akhale mamilimita ponseponse, osati apa 5 cm apo 50 mm. Katundu wa mainchesi akhale ndi tebulo lake, chifukwa bawuti ya 5/16 ndi ya M8 zimafanana m'maso koma mazinga ake sagwirizana.

Mtengowu ndi wa chiyani?

Maoda obwezedwa sachokera pa sayizi yokha. Amachokeranso pa funso ili: wogula akalemba "10", akutanthauza chiyani?

Tengani mzere wathu uja. Kasitomala walemba `BH-08050-Z` ndipo pambali pake walemba 10. Mwina akufuna mabawuti 10. Mwina mabokosi 10, omwe ndi mabawuti 1,000. Mwina makatoni 10, omwe ndi mabawuti 8,000, olemera pafupifupi makilogalamu 180. Bawuti imodzi ya M8 x 50 imalemera pafupifupi magalamu 22, ndiye kusiyana kwa tanthauzo loyamba ndi lomaliza ndi kusiyana kwa kanthu kolowa m'thumba la malaya ndi katundu wofuna galimoto.

Choncho mzere uliwonse ukhale ndi muyezo umodzi wogulitsira, ndipo mtengo, oda yocheperapo ndi invoyisi zonse zilankhule muyezo womwewo. Mukasankha bokosi, mutu wa danga la mtengo unene kuti "Mtengo wa bokosi", ndipo pafomu yoodera palembedwe "Mabokosi angati". Liwu lakuti paketi, bokosi ndi katoni lililonse likhale ndi tanthauzo limodzi m'katalogi yonse. Musalembe "dazeni" kapena "gulosi" popanda nambala pambali pake. Lembani 12 kapena 144. Ngati mukufuna kusonyeza mtengo wa bawuti imodzi kuti ogulitsanso awerengere phindu lawo, uikeni ndi zilembo zazing'ono m'danga lina, wolembedwa bwino kuti ndi wongodziwitsa.

Kuchotsera mtengo kwa ogula zambiri kutsate kalongedzedwe. Katoni yathu ili ndi mabokosi 8. Mukanena kuti kuchotsera kumayamba pa mabokosi 10, aliyense adzaoda 10 enieni, ndipo wolongedza adzang'amba katoni yachiwiri kuti atengemo awiri, n'kusiya sikisi ali mbwee pashelefu. Ikani malire pa 8, 16 ndi 40, ndiko kuti katoni imodzi, ziwiri ndi zisanu. Wogula amapindula, inu mumatumiza makatoni osatsegula, ndipo kuwerenga katundu kumapeto kwa mwezi kumaphweka. Malire atatu ndi okwanira. Akachuluka, tebulo limadzaza ndipo wolemba invoyisi amalakwitsa.

Nenaninso ngati mitengo ikuphatikiza msonkho ndi mayendedwe kapena ayi, komanso deti limene yayambira kugwira ntchito. Deti limeneli liikeni pansi pa tsamba lililonse, osati pachikuto pokha, chifukwa anthu amajambula tsamba limodzi n'kutumizirana. Ngati mitengo yanu imasintha kangapo pachaka, ichotseni m'katalogi. Sindikizani katalogi yokhala ndi manambala ndi kufotokoza kokha, ndipo mitengo ikhale papepala lapadera losanjidwa mofanana ndendende ndi katalogiyo.

Masamba

Tsopano mukhoza kuganiza za maonekedwe. Katundu wa matebulo amafuna tsamba la A4, la 210 x 297 mm; la A5 limapanikiza madanga. Tiyerekeze kuti wopikulitsa wathu ali ndi mizere 420. Mukaika chithunzi chimodzi ndi mutu pa tebulo lililonse, tsamba limanyamula mizere pafupifupi 25, ndiye katundu atenga masamba 17. Onjezerani chikuto, tsamba la malamulo a kaodedwe ndi zidule, mlozera, fomu yoodera ndi chikuto chakumbuyo, afika 22. Kabuku kopindidwa pakati n'kumenyedwa sitepula kamafuna masamba ogawika ndi 4, ndiye mukonzekere 24. Awiri otsalawo musadzaze ndi zithunzi zokongoletsa. Apatseni magulu amene akukula, kuti gulu lililonse liyambe patsamba lake.

Chithunzi chimodzi chikwanira pa banja lonse la katundu. Mabawuti makumi atatu osiyana kutalika kokha safuna zithunzi makumi atatu. Jambulani pamalo oyera, mbali imodzimodzi nthawi zonse, ndipo chithunzi chikhale cha katundu amene mulidi naye: mukaika chachikasu pomwe wanu ndi woyera, wina adzadandaula. Posindikiza pamafunika 300 dpi, kutanthauza kuti chithunzi cha masentimita 5 chikhale ndi mapikiselo pafupifupi 600 m'lifupi. Chotengedwa pa intaneti chokhala ndi mapikiselo 200 okha chidzatuluka chambuu. Ngati mtundu ukufika m'mphepete mwa tsamba, upitirire ndi 3 mm kuti podula pasatsale kamzere koyera.

M'matebulo, zilembo zisachepere mapointi 8, poti katalogi imawerengedwa m'malo amdima ndi anthu otopa. Manambala ayandamire kumanja kuti mitengo ikhale pamzere umodzi. Nambala ya katundu ikhale kumanzere kwenikweni patsamba lililonse, ndipo mizere muisiyanitse ndi mthunzi wopepuka kuti chala chisatsetserekere pamzere wina popita kudanga la mtengo. Tebulo likapitirira patsamba lina, bwerezani mitu yake. Dzina la gulu likhale pamwamba cha kunja, pomwe limaoneka munthu akamapeta masamba ndi chala chachikulu.

Katalogi ya PDF ichokere patebulo lomwelo, ndipo mawu ake akhale osakika ndi `Ctrl+F`. Masamba ojambulidwa ngati zithunzi sasakika, ndiye wogula yemwe ali ndi nambala m'manja amayenda tsamba ndi tsamba. Ogula akuluakulu apatseninso tebulo lenilenilo, chifukwa iwo amalowetsa manambala anu m'makompyuta awo. Chofunika kwambiri, kusintha kulikonse kuyambire patebulo lija. Mukakonza kuchuluka kwa m'bokosi patsamba lokongoletsedwa lokha, tebulo likhalabe ndi cholakwikacho, ndipo chidzabweranso chaka chamawa.

Kuyesa musanasindikize

Amene walemba katalogi sangaone zolakwika zake, poti akudziwa zimene amafuna kunena. Sindikizani kope limodzi pamakina a muofesi, mupatse munthu amene sanagwire nawo ntchitoyi, pamodzi ndi maoda khumi akale olembedwa m'mawu a makasitomala enieni, monga "mabawuti a 10 aatali, osachita dzimbiri". Muyang'aneni akusaka, osamuthandiza. Pomwe watenga kupitirira theka la miniti, kasanjidwe kali ndi vuto. Pomwe wafunsa funso, kufotokoza kukusowa mfundo. Pomwe walemba nambala molimba mtima koma yolakwika, mizere iwiri ikufanana mopitirira ndipo chosiyanitsa chake chabisala kumapeto, chibweretseni kutsogolo.

Kenako tengani mizere makumi awiri mosasankha, mupite nayo kumashelefu ndi sikelo ndi choyezera. Tsegulani bokosi, werengani, yezani kutalika, onani nambala yodindidwa pamutu, ikani katoni pasikelo. Kawirikawiri chimene chimapezeka ndi chakuti wopanga anasintha kalongedzedwe, bokosi la 100 linasanduka la 50, ndipo palibe anauza wolemba. Mukapeza ziwiri zolakwika pa makumi awiriwo, musangokonza ziwirizo. Gulu lonse limene zachokera liyezedwe, mzere ndi mzere.

Pomaliza, ngati manambala a katundu ali m'danga A, fufuzani obwerezedwa polemba `=COUNTIF(A:A,A2)` m'danga lina n'kuikopera mizere yonse. Paliponse pamene yankho lapitirira 1, pali zinthu ziwiri zimene zikuitanidwa ndi dzina limodzi, ndipo chimodzi chipatsidwe nambala yatsopano kabukuka kasanapite kosindikiza.